Kuchonga histogalamu ndi bokosi puloti zojambulidwa pamanja

Ndisanatsegule pepala la wophunzira, ndimayamba ndajambula yankho langa papepala la gilafu lofanana ndi lawo, ndipo pambali ndimalemba manambala amene ndikuyembekeza kuwapeza. Maso okha sakwanira pa ntchito imeneyi, chifukwa chithunzi chooneka bwino chimatha kukhala cholakwika. Ndimakhala ndi rula ndi cholembera chofiira.

Tinene kuti funso likunena za mphindi zimene ana 50 amayenda popita kusukulu. Ana 6 amayenda mphindi 0 mpaka 10, ana 14 mphindi 10 mpaka 20, ana 18 mphindi 20 mpaka 40, ndipo ana 12 mphindi 40 mpaka 70. Magulu amenewa si ofanana m'lifupi, choncho kutalika kwa mzati si chiwerengero cha ana. Timagawa chiwerengerocho ndi m'lifupi mwa gulu kuti tipeze fulikwensi densite: 6 ÷ 10 = 0.6, 14 ÷ 10 = 1.4, 18 ÷ 20 = 0.9 ndi 12 ÷ 30 = 0.4. Ngati sentimita imodzi ikuimira 0.1, mizatiyo italike masentimita 6, 14, 9 ndi 4.

Ndimayamba ndi sikelo ya wophunzirayo, chifukwa ali ndi ufulu wosankha yosiyana ndi yanga bola manambala akukwera mofanana kuchokera pa 0. Kenako ndimalumphira pa mzati wachitatu. Iwiri yoyambayo siulula kanthu, poti amene wajambula chiwerengero cha ana ndi amene wajambula densite, onse mizati yawo imaoneka chimodzimodzi pamenepo. Mzati wachitatu ukaposa wachiwiri, ndiye kuti mwanayo sanagawe ndi m'lifupi. Uku ndi kulakwa kumodzi kwa njira, ndipo sindikulanga kawiri ngati kuti mzati wachitatu ndi wachinayi walakwa pa zifukwa zosiyana. Njira ikakhala yolondola ndimayeza ndi rula, n'kulola kuphonya kwa theka la kabokosi kakang'ono, kumene ndi milimita imodzi pa pepala la timabokosi ta mamilimita 2. Ndimaonanso kuti mizati yagundana komanso kuti wachinayi wathera pa 70. Pokayikitsa ndimachulukitsa kutalika ndi m'lifupi: 0.4 × 30 ikuyenera kubweza 12.

Bokosi puloti imafuna kuti ndiganize kaye ndisanachonge. Titenge manambala 11 awa: 12, 15, 17, 19, 20, 22, 25, 28, 31, 33, 51. Midiyani ndi nambala yachisanu ndi chimodzi, 22. Pa makwatailo pali njira zingapo zovomerezeka. Tikagwiritsa ntchito (n + 1) ÷ 4, pomwe n ndi kuchuluka kwa manambala, kwatailo yam'munsi, Q1, ili pamalo achitatu, 17, ndipo yam'mwamba, Q3, ili pamalo a 9, 31. Koma amene waphatikiza midiyani m'magawo onse awiri apeza 18 ndi 29.5, ndipo sanalakwitse masamu. Ngakhale mu Excel njira zonsezi zilimo: QUARTILE.EXC imapereka 17 ndi 31, QUARTILE.INC imapereka 18 ndi 29.5. Choncho ndimasankhiratu. Ngati funso silinatchule njira, ndimalandira zonse ziwiri, bola wophunzira wagwiritsa ntchito imodzi mbali zonse. Bokosi lochokera pa 17 kufika pa 29.5 ndiye kuti wasakaniza.

Ndimagoneka rula pa mzere wa manambala n'kuwerenga malo asanu: nsonga ya ndevu yakumanzere pa 12, m'mphepete mwa bokosi pa 17 ndi 31, mzere wam'kati pa 22, ndevu yakumanja pa 51. Mzere wam'katiwo ndiwo umandiuza zambiri. Ukakhala pa 24, mwanayo wangodula bokosi pakati. Ukayandikira 25, waika mini, kapena kuti avareji, poti manambala onse pamodzi ndi 273 ndipo 273 ÷ 11 ndi pafupifupi 24.8. Bokosi likapanikizika pa 3, 6 ndi 9, wajambula malo a manambala m'malo mwa manambala enieniwo. Zolakwa zitatuzi n'zosiyana, ndipo ndimalemba pambali kuti ndi iti, chifukwa mtanda wokha suthandiza mwana kukonza.

Nambala ya 51 imaoneka yotalikira anzake, koma ndimawerengera ndisanaweruze. Kusiyana kwa makwatailo ndi 31 − 17 = 14, ndipo nambala imakhala yotalikira ikapitirira malire a 31 + 1.5 × 14 = 52, choncho ndevu ifike pa 51. Kwa amene wapeza 18 ndi 29.5, malire ake ndi 46.75, ndiye ngati funso likufuna kuti manambala otalikira aonetsedwe, 51 aiike payokha ndi kadontho ndipo ndevu yake ithere pa 33. Pamenepa ndimachonga potsatira makwatailo ake, osati anga. Chimodzimodzi amene waphonya Q1 powerengera koma waijambula molondola pa sikelo: amataya malikisi a kuwerengera, a kujambula ndimamupatsa.