Sabata yanga yomaliza ndi choko m'manja, zikomo nonse

Lachisanu lapitali ndinapereka makiyi a kabati, basi ndapuma pa ntchito. Zaka 60 zakwana, ndipo m'boma tsiku lobadwa likafika saona kuti temu ili pakati kapena ayi, ndiye ana anga a Giredi 2 ndawasiya pakati pa temu. Ndinayamba mu 1989 nditachoka pa koleji ya aziphunzitsi pano pa Chipata, anayamba anditumiza kumudzi chakumbali ya Chadiza, kenaka ndinabwera mutauni muno mpaka lero. Mwatumiza mauthenga ambiri pa foni mpaka ndalephera kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe pamodzi momwe sabatayi inayendera, mwina anzanga amene muli pafupi kupuma mutolapo kanthu.

Lolemba linali la kuwerenga katundu. Ine ndi asiniya ticha tinakhala pansi ndi buku la sitoko, mabuku a ana angati, a aphunzitsi angati, madesiki abwino angati, othyoka angati, rejisita, masikimu, fayilo ya malesoni pulani, mpaka tsache ndi ndowa. Mabuku ena anapezeka opanda zikuto, ena anadyedwa ndi chiswe, onsewo tinalemba mmene alili osabisa. Izi musazitenge mopepuka chifukwa ahedi sasaina kuti mulibe ngongole ndi sukulu ngati katundu sanagwirizane ndi zimene zili m'buku. Koma inali ntchito ya maola ochepa chabe.

Ntchito yeniyeni inali Lachiwiri ndi Lachitatu, kupereka ana. Kalasi yanga yatengedwa ndi madamu wachitsikana, mmodzi wa aja opitirira 30,000 amene boma linalemba mu 2022, ine ndimangomuti mwana wanga chifukwa ndi msinkhu wa chitsiriza wanga. Anabwera akuganiza kuti ndimupatsa pepala la mamaki basi, aja timalemba kuti uyu ali pofiira, uyu pachikasu, uyu pobiriwira. Ndinamuuza kuti pepalalo tenga koma silikuuza chifukwa chake mwana ali pofiira, ndipo ana asanu ofiira angakhale ndi mavuto asanu osiyana, tiye tiwaitane mmodzimmodzi uone wekha. Ana alipo opitirira 80, chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza mpaka pakhomo, ndiye tinaika benchi panja pakhonde, ena tawapatsa zolemba, tikuitana mmodzi mphindi zitatu kapena zinayi.

Njira yake siyovuta. Uyamba kumupatsa mwana kandime ka mizere inayi. Akawerenga bwino umupatsa kankhani katali pang'ono ndikumufunsa mafunso awiri kuti uone ngati wamva. Akalephera kandime utsikira ku mawu okhaokha, akalephera mawu utsikira ku masilabo monga ka, me, tu, akalepheranso utsikira ku malembo amodziamodzi. Pomwe waima ndi pomwe ali, ulemba pomwepo. Anzathu a Catch Up, pologalamu yothandiza ana otsalira m'magiredi 3 mpaka 5, amachita chimodzimodzi, ndipo pologalamuyo kuno kum'mawa ndi kumodzi kumene inayambira mu 2016, koma ine ndinaona kuti kudikira mpaka Giredi 3 ndi kuchedwa, ndimachita ndi anga kale.

Tsono panabwera kamnyamata kena kochenjera kwambiri, kamene pakalasi ndiko koyamba kukweza dzanja. Madamu anatsegula buku la kalasi, kanawerenga tsamba lonse osapumira, madamu nkumwetulira kuti uyu ndi wobiriwira. Ndinati dikira. Ndinaphimba chithunzi ndi dzanja ndikuloza liwu la pansi penipeni, mwana zii. Ndinaloza lina pakati, anatchula liwu loyamba la pamwamba. Kenaka ndinalemba pa kapepala mawu opanda tanthauzo, kabu, timo, nela, amene sangawapeze m'buku lililonse, analephera onse atatu. Mwanayo analoweza tsamba lonse pomva anzake akuimba pamodzi, maso ake sali pa malembo ali pa nkhope ya mphunzitsi. Awa ndi amene amatipusitsa mpaka kufika Giredi 5 osadziwa kuwerenga, chifukwa kuwerenga kwa kalasi yonse pamodzi kumabisa zambiri. Mankhwala ake ndi kubwerera mmbuyo ku a, e, i, o, u, kenaka lembo limodzi monga k kulilumikiza ndi asanuwo, ka ke ki ko ku, pa timakadi todula ku katoni tosakaniza kuti asaloweze mndandanda. Ndipo osamuchititsa manyazi, ana otere akachita manyazi amasiyiratu kukweza dzanja.

Kamtsikana kena vuto lake ndi lina. Mawu a masilabo apafupi monga mutu kapena kalulu kakuwerenga bwinobwino, koma pakabwera malembo ophatikizana kamadumpha limodzi. Phala kanawerenga pala, mbuzi kanati buzi, ng'ombe kanayamba ngati ngoma. Uyu safuna kubwerera ku a e i o u, mungamutayire nthawi ndipo atopa nazo. Afuna mawu awiriawiri ofanana, pala ndi phala, kula ndi khula, aike dzanja patsogolo pa kamwa amve mpweya ukutuluka pa ph ndi kh koma osatuluka pa p ndi k. Masabata ochepa chabe amakhala atawoloka. Pa pepala la mamaki awiriwa akanakhala malo osiyana kwambiri, mnyamata pamwamba mtsikana pansi, pamene zoona zake mtsikanayo ndiye ali patsogolo.

Palinso ana amene kunyumba alankhula Chinsenga kapena Chitumbuka, kuno ku Chipata ndi ambiri. Mwana aona kudya pa bolodi, atchula kulya. Madamu anafuna kuchonga kuti walakwa, ndinati uyo wawerenga ndipo wamva tanthauzo, wangolibweza m'chilankhulo cha amake, muonetse lembo d basi apitirire. Osiyana ndi uja wosokoneza b ndi d, amene aona bala natchula dala, uyo afuna kulemba malembowo pansi pa mchenga ndi chala mobwerezabwereza. Ndipo musanati mwana ndi mbuli muyese maso ndi makutu. Amene amatsinzina diso poyang'ana bolodi kapena kutembenuza khutu limodzi mukamalankhula, muikeni kutsogolo ndipo itanani makolo apite naye ku kiliniki. Zonsezi ndinazilemba mu hadikava yakuda, mwana aliyense mizere iwiri, komanso amene amasowa nthawi yolima ndi yokolola, amene amabwera opanda chakudya, amene akhala ndi agogo okha. Bukulo ndamusiyira madamu, silili m'buku la sitoko koma kwa ine ndiye katundu wamkulu.

Ola la kuwerenga ndi limodzi pa tsiku, ndipo kunena zoona ndi ana 80 silikwana, aliyense wonena kuti likwana sanaimepo kutsogolo kwa Giredi 2. Ine ndinkaba mphindi khumi ndi zisanu ana a mmawa akamaweruka, a masana asanalowe m'kalasi momwemo, ndikukhala ndi ofiira asanu kapena asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo. Ndaona njira zikusintha, tinayamba ndi Chingerezi kuyambira Giredi 1 ana akungoimba zosamva, kenaka inabwera NBTL, njira yoyambitsa ana a Giredi 1 kuwerenga m'chilankhulo cha kwathu, kenaka cha mu 2014 Chinyanja chinakhala chophunzitsira m'magiredi oyambirira, manje kwabweranso kalikulamu yatsopano. Pa zonsezi kukhala ndi mwana mmodzi ndikumumva akuwerenga yekha sikunalowedwe m'malo ndi china.

Lachinayi ndinapita kukaona fayilo yanga. Apa anzanga mverani. Ife amene tinalowa m'boma chisanafike chaka cha 2000 penshoni yathu ili ku Public Service Pensions Fund, achinyamata inu muli ku NAPSA. Fayilo imayenda kuchokera kwa ahedi, kupita kwa a DEBS oyang'anira maphunziro m'distrikiti, kwa a PEO oyang'anira provinsi yonse, mpaka ku Teaching Service Commission kumene kuchokera kalata yopumitsa. Chimene chimagwetsa anthu ndi mapepala akale, kalata yoyamba yolembedwera ntchito, ya kukhazikitsidwa, za kukwezedwa, mafomu a livu, peyisilipi yomaliza, ndi tsiku lobadwa kuti la pa NRC ligwirizane ndi la m'fayilo. Mnzanga wina dzina lake linalembedwa mosiyana lembo limodzi chabe pa mapepala awiri, anayenda mpaka nsapato kutha. Yambani kusonkhanitsa kukali chaka, pangani mafotokope, sungani kunyumba mu pulasitiki. Lamulo lalikulu la dziko la 2016 likuti munthu akhalebe pa peyirolo mpaka atalipidwa za penshoni, ndiye musachite mantha kwambiri, koma musayambenso kukongola kaloba podalira ndalama zimene simunazione.

Lachisanu pa asembule ndinati sindilira, ndinalira ndithu. Ana anaimba, aziphunzitsi anasonkherana nkundigulira chitenje ndi mapoto, a PTA anabweretsa nkhuku ziwiri ndi thumba la nshawa. Kunabwera bambo wina wandevu zoyera kale atakwera njinga yake yonyamulira anthu ya ku Kapata, akuti madamu ndine wanu wa 1996, ndinamuzindikira ndi kaseko kake. Nesi wina anapempha chilolezo ku ntchito kuti angobwera kudzandigwira dzanja.

Ana anga nonse, akale ndi atsopano, zikomo. Amene ndinakukwapulani masiku aja chikoti chisanaletsedwe ndipo mumandipatsabe moni pamsika ndi kundinyamulira thumba, Mulungu akudalitseni. Ahedi, zikomo pondilola kukhalabe ku magiredi a pansi pamene ena ankati munthu wamkulu azipita kumwamba. Adepute, zikomo chifukwa cha choko chija munkandibisira m'dirowa. Amayi anzanga a mu sitafu rumu amene tinali pa chilimba limodzi, amene munagona nane pa maliro a amuna anga, amene munandigwirira kalasi pamene shuga inandigoneka, ndilibe mawu. Amalonda athu ndi amayi ogulitsa vitumbuwa pa geti amene munkandiuza mwana akathawa, inunso munaphunzitsa nawo. Makolo amene munkabwera ndikakuitanani ngakhale muli ndi khasu m'manja, zikomo kwambiri.

Madamu mwana wanga, kamnyamata kaja uyambe nako Lolemba lomwe ndi timakadi, tili mu chitini cha mkaka pansi pa kabati. Sindikupita kutali, ndili kumunda kwanga njira ya ku Chadiza, ukakakamira tumiza uthenga ndibwera Lachitatu lililonse masana kudzamva ofiira akuwerenga, bola undipezere ya thiransipoti.