Mutu wa kabuku kanga ka nkhuku ndausintha kachinayi

Dzulo usiku ndinafufuta mutu umene ndakhala ndikuukakamira kwa miyezi isanu. Sindinadandaule nkomwe, mtima unangoti myaa. Amene tili nawo pa maphunziro a kasindikizidwe ka mabuku mukudziwa kuti kabuku kanga ndinkakatchula kuti "Khola Lodzaza: Chinsinsi cha Kulemera ndi Ziweto". Ndinkaukonda kwambiri mutu umenewu. Unkamveka bwino pakamwa, ndipo achimwene anga atauwerenga ananena kuti munthu angagule ngakhale asanatsegule. Sabata yathayi m'pamene ndinazindikira kuti zimene ananenazo ndi zimene zinali vuto.

Zinayamba pamene ndinapita ku laibulale kukafunsa za kalembedwe ka tsamba loyamba. Amayi amene amalowetsa mabuku m'kaundula wa pa kompyuta anatenga pepala langa, n'kuwerenga mutuwo kawiri, kenako anandifunsa kuti, "Bambo, ziweto zake ndi ziti? Ng'ombe?" Ndinayankha kuti ayi, ndi nkhuku. Anati, "Nanga nkhukuzo zili pati apa?" Atatero anatembenuza kompyuta kuti ndione, n'kulemba mawu oti nkhuku m'kabokosi kofufuzira. Panatuluka mabuku angapo, ndipo onse anali ndi mawu amenewo pa mutu kapena pa mawu ofotokoza nkhani ya bukulo. Anandiuza kuti iwo akhoza kuwonjezera mawu ofotokozawo pamene akulowetsa buku langa, koma wogulitsa mabuku, kapena munthu amene angojambula chikuto n'kutumizira mnzake pa foni, sadzachita zimenezo. Kumeneko chimayenda ndi mutu wokha basi.

Anandionetsanso mmene mutu umakhalira m'kaundula wawo. Uli ndi mzere wakewake, nambala 245, ndipo umagawidwa pawiri:

```
245 10 $a Khola lodzaza : $b chinsinsi cha kulemera ndi ziweto
```

Mbali ya `$a` ndi mutu weniweni, ya `$b` ndi kamutu kapansi. Nditauona uli chonchi, wopanda chithunzi cha tambala ndi zilembo zofiira za pa chikuto, ndinachita manyazi. Pa mawu asanu ndi awiri onsewo panalibe ngakhale amodzi onena zimene zili m'bukumo, kupatula mwina khola.

Chimene ndamvetsa tsopano n'chakuti kunena zoona pa mutu ndi kupezeka pofufuza si nkhani ziwiri zosiyana monga ndinkaganizira. Ndinkaona ngati pali kukokanakokana, kuti ukafuna kupezeka uyenera kukometsera, ukafuna chilungamo uvomere kubisika. Koma munthu wofufuza salemba zokometsera. Mayi amene nkhuku zake zikuwodzera, mapiko ali lende, salemba kuti chinsinsi cha kulemera. Amalemba dzina la vuto lake. Ngati buku langa likuyankhadi vuto limenelo, mawu amene iye akulemba ndi omwewo amene ali m'masamba anga, ndipo ntchito yanga ndi kungowanyamula kuchokera mkati n'kuwaika pa chikuto. Mawu amene sali m'masamba safunika kufika pa chikuto, ngakhale atakhala ofufuzidwa kwambiri, chifukwa amabweretsa munthu wolakwika amene adzakhumudwe.

Njira imene yandithandiza ndi yowerenga masamba, ndipo panopa ndikuikhulupirira mwina mopitirira muyeso. Ndinatenga kabukuko, ka masamba 96, n'kulemba pa pepala kuti nkhani iliyonse yatenga masamba angati. Matenda atenga 30, ndipo mwa amenewo 18 ndi a chitopa chokha. Kulera anapiye 22, zakudya 16, kamangidwe ka khola 14. Masamba 10 ndi a mawu oyamba, zamkatimu ndi zithunzi. Za malonda, kumene kulemera kuja kukanachokera, zinangotenga masamba anayi. Ziweto zina, mbuzi kaya nkhumba, palibe ngakhale tsamba limodzi. Ndiye kuti kamutu kanga kanalonjeza zinthu zitatu, chinsinsi, kulemera ndi ziweto, ndipo buku linalipira masamba anayi pa 96. Ndinadziikira lamulo lakuti mawu alionse ofuna kukwera pa chikuto abwere ndi masamba ake osachepera khumi. Nambala ya khumiyo ndangoisankha ndekha, musakaifune m'buku lililonse, koma inandichotsera mikangano yambiri ya mumtima. Ndayesa njira yomweyi pa zolemba za anzanga awiri ndipo konse yagwira, moti ndayamba kuvutitsa nayo aliyense. Mnzanga wolemba ndakatulo anandiseka kuti nanga iye awerenge masamba a chiyani, ndipo ndinasowa choyankha. Pa mabuku ophunzitsa ntchito, komabe, sindikuona ina yoiposa.

Kuwerenga masamba kumakuuza zinthu zoyenera kutchula, koma sikukuuza mawu oti uzitchulire. Apa ndinafunsa anthu khumi ndi awiri oweta nkhuku, ena oyandikana nawo, ena a ku tchalitchi. Sindinawaonetse mutu uliwonse. Ndinangoti, "Mutafuna buku la nkhani imeneyi pa foni, mungalembe chiyani?" Ambiri anayamba ndi "kuweta nkhuku", ena "ulimi wa nkhuku". Palibe ngakhale mmodzi amene ananena kuti "kawetedwe ka nkhuku", amene anali mutu wanga wachiwiri, ndipo ndinkauona ngati wapamwamba chifukwa ukumveka ngati wa kusukulu. Kwa ife amene timalankhula chilankhulochi, kuweta ndi kawetedwe ndi mtengo umodzi. Kwa kabokosi kofufuzira kamene kamangoyerekeza zilembo, ndi mawu awiri osadziwana. Chichewa chimasintha mawu kumayambiriro: dzira, mazira, mwanapiye, anapiye, khola, makola. Wolemba kuti makola sangapeze mutu wonena khola pa kaundula wotere, chifukwa ngakhale h uja wasowa. Ndiye posankha mawu ndinafunika kusankhanso maonekedwe ake amene anthu amalemba kawirikawiri. Mwayi wake nkhuku ndi nkhuku, ikhale imodzi kaya makumi asanu.

Panalinso kachilembo kaja ka ŵ. Ndinaphunzira kulemba kuti kuŵeta ndi kupeŵa, ndipo mkati mwa buku ndinazisunga choncho. Koma mwa anthu khumi ndi awiri aja, amene ndinawapempha kuti alembe pa foni zawo onse analemba w wamba. Pa chikuto ndaika w wamba, ndipo kuti zisasiyane ndasinthanso mkati monse. Zinandiwawa pang'ono, ndisaname.

Chiyeso chachikulu chinabwera pa chitopa. Asanu ndi awiri mwa anthu aja ananena kuti angalembe "mankhwala a chitopa". Mawu amenewa ndi amene akanakoka anthu ambiri, ndipo ndinawalemba ndithu pa mutu wachitatu, umene unakhala masiku awiri. Koma buku langa lomwelo, pa gawo la matenda, likunena poyera kuti chitopa chimayamba ndi kachilombo kamene kalibe mankhwala ochiza, kuti chothandiza ndi katemera nkhuku zisanadwale komanso kupatula zodwala. Munthu amene wagula buku chifukwa cha mawu oti mankhwala, nkhuku zikumufera m'khola, akanatsegula n'kupeza ndikumuuza kuti wachedwa. Ndinasintha kukhala "kupewa chitopa". Wolemba "mankhwala a chitopa" akhozabe kulipeza chifukwa mawu oti chitopa alipo, koma akaliona adziwiratu chimene akugula.

Mutu wachinayi unayamba wotere: "Kuweta Nkhuku za Lokolo: Khola, Anapiye, Zakudya ndi Kupewa Chitopa". Ndinawerenga zilembo pamodzi ndi mipata, zinakwana 67. Zotsatira za Google zimadula mutu wautali ukafika cha m'ma zilembo 60, n'kuika timadontho titatu. Ndiye kuti chodulidwa chikanakhala chitopa, mawu amene ali ndi masamba 18 komanso amene anthu amawafuna kwambiri. Ndinangotembenuza ndandanda: "Kuweta Nkhuku za Lokolo: Kupewa Chitopa, Kulera Anapiye, Khola ndi Zakudya". Tsopano chitopa chikuthera pa chilembo cha 39, ndipo ngati china chidulidwe chikhala khola ndi zakudya. Mutu weniweniwo, wa zilembo 23, ukutha kuima paokha pa msana wa buku pamene kamutu sikangakwane. "Khola Lodzaza" ukanaima pamsanapo osanena kanthu. Ndinaulembanso mutuwo pa Google mkati mwa zizindikiro za "" kuti ndione ngati pali buku lina la dzina lomwelo lomwe lingasokoneze ogula, ntchito ya mphindi ziwiri imene ndikanayamba nayo kalekale.

Chimene chikundinyansa n'chakuti zonsezi ndazitola ku laibulale ndi kwa oweta nkhuku, osati m'kalasi. Aphunzitsi athu anatha masabata atatu pa chikuto, mitundu ya zilembo ndi kulemera kwa pepala. Za mutu ananena mphindi khumi zokha, kuti ukhale waufupi ndi wokopa. Wokopa ndani? Ndipo pa nkhani ya ISBN, nambala yapadera yozindikiritsa buku, anatiuza kuti tifulumire kutenga nambala, osatichenjeza kuti buku likatuluka, kusintha mutu kumafuna nambala ina yatsopano, chifukwa m'kaundula limaoneka ngati buku lina. Ndikanamvera msanga, bwenzi pano ndili ndi makope mazana awiri a "Khola Lodzaza" pansi pa bedi. Kunena zoona iwonso nthawi imawachepera, timakumana Loweruka lokha ndipo theka la ife timafika mochedwa chifukwa cha ma minibasi. Koma mphindi khumi zija n'zochepabe.

Pali mawu amodzi amene sanandikhazikitsebe mtima, oti lokolo. Mwa anthu khumi ndi awiri aja, asanu anati za lokolo, anayi za chikuda, atatu zakumudzi. Amayi ena achikulire anandiuza kuti lokolo si Chichewa, ndipo buku loti likhale zaka siliyenera kunyamula mawu a pamsika. Mnyamata wogulitsa nkhuku anati iye chikuda amangochimva kwa agogo ake. Chimodzimodzi chitopa, kwina amati chideru, ndipo sindingaike onse awiri popanda kamutu kusanduka ndandanda wa mawu m'malo mwa chiganizo. Ndaganiza zoika chideru ndi chikuda pa mawu ofotokoza a kuseri kwa chikuto, kumene kuli malo. Koma anthu khumi ndi awiri a dera limodzi ndi ochepa, ndipo kusiyana kwa asanu ndi anayi ndi munthu mmodzi yekha. Osindikiza akufuna chikuto Lachisanu. Pa pepala langa lokolo ndamulemba ndi pensulo.