Ndevu mwa mayi: momwe ndimafufuzira ngati vuto likuchokera ku adirinali

Mayi akalowa n'kunena kuti ndevu zamuvuta, sindithamangira kulemba pepala la ku labu. Ndimayamba ndi funso ili: "Tsitsili linayamba liti, ndipo lakula mwa liwiro lotani?" Yankho lake limandiuza zambiri kuposa kuchuluka kwa tsitsilo.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adirinali. Kamapanga kotizo, homoni imene thupi silingakhale popanda iyo, komanso mahomoni achimuna ofooka: DHEA ndi mnzake DHEAS. Paokha alibe mphamvu kwenikweni, koma akafika pakhungu amasandutsidwa tesitositeroni ndi DHT, mahomoni achimuna amphamvu, ndipo amenewa ndi amene amasandutsa cheya chofewa kukhala tsitsi lakuda, lolimba. Adirinali amayamba kutulutsa DHEAS wochulukirapo mwana ali ndi zaka 6 mpaka 8, ndipo mlingo wake umafika pachimake m'zaka za m'ma 20, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Pakutha msinkhu, ntchito yake ndi fungo la m'khwapa, nkhope ya mafuta, ziphuphu, ndi tsitsi la m'khwapa ndi la kumaliseche. Mawere ndi msambo amachokera ku matumba a mazira. N'chifukwa chake mtsikana wa zaka 7 akhoza kuyamba fungo la munthu wamkulu pachifuwa pali pa mwana. Tsitsi la kumaliseche likamera mtsikana asanakwane zaka 8, timati adirinali wafulumira, ndipo ndimafunsa zimenezi ngakhale kwa mayi wa zaka 30.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19. Tsitsi la kumaliseche linamera ali ndi zaka 7, anayamba kusamba ali ndi zaka 13, ndipo masiku ano amasamba pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ndevu zinayamba ali ndi zaka 15, zikuwonjezeka pang'onopang'ono. Kukula kwapang'onopang'ono kumeneku kumandikhazika mtima pansi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi tsitsi lobwera mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, makamaka mwa mayi wamkulu, limodzi ndi mawu kukhala a besi, dazi, minofu kukula ngati ya mwamuna, kapena kusintha kwa kumaliseche. Zikatero ndimaganizira chotupa cha mu adirinali kapena m'thumba la mazira, ndipo sitidikira.

Ndimafunsanso za mankhwala. Valupuroweti wa khunyu akhoza kukweza mahomoni achimuna. Fenitoyini amameretsa cheya thupi lonse popanda kukhudza mahomoniwo. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi siteroyidi nawonso amameretsa cheya kumaso, ndipo ambiri sawatchula mpaka nditafunsa mwachindunji kuti amadzola chiyani.

Kenako ndimaona tsitsilo ndi maso, pogwiritsa ntchito muyeso wa Ferriman ndi Gallwey. Malo ake ndi 9: pamwamba pa mlomo, chibwano, chifuwa, mimba kumtunda ndi kumunsi kwa mchombo, mikono kumtunda, ntchafu, ndi msana kumtunda ndi kumunsi. Malo alionse amapeza mamalikisi 0 mpaka 4, ndipo onse akafika 8 timati tsitsi lapitirira. Apa pali msampha. Mtsikana wathu wameta m'mawa womwewo asanabwere, chibwano chili see, moti ndikangoyang'ana ndilemba 0. Ndimayendetsa chala pansi pa chibwano, n'kumva zitsa zolasa ndi timadontho takuda ta tsitsi lomerera mkati, ndiye n'kumufunsa kuti amameta kangati pa sabata. Iye akuti tsiku lililonse. Titawerengera limodzi, mamalikisi ake akukwana 12.

Tikafika pa magazi, ndimatsimikiza kaye kuti alibe pakati. Ndimapempha tesitositeroni, DHEAS ndi 17-OHP, chimodzi mwa zopangira kotizo mu adirinali. DHEAS ndimamukonda chifukwa pafupifupi yense amachokera ku adirinali, ndipo sasinthasintha kwambiri ndi nthawi ya tsiku. Akakwera pang'ono sindidabwa, zimachitika mwa amayi ambiri a PCOS, matenda a matumba a mazira amene ndiwo gwero la ndevu mwa amayi pafupifupi atatu pa anayi alionse. Akapitirira 700 µg/dL, kapena tesitositeroni akapitirira 150 ng/dL, ndimatumiza ku sikani. Yang'anitsitsani mayunitsi papepala: labu ina imalemba DHEAS mu µmol/L, ndipo 700 µg/dL ndi pafupifupi 19 µmol/L.

17-OHP ndi amene amasokoneza anthu. Amakwera m'mawa n'kutsika masana, komanso amakwera dzira likatuluka. Choncho magazi ayenera kutengedwa cha m'ma 8 koloko m'mawa, m'masiku oyamba a msambo. Mtsikana wathu anaima pamzere mpaka 3 koloko masana, zotsatira n'kutuluka 180 ng/dL, pansi pa malire a 200. Nditati ndikhulupirire nambala imeneyo, ndimulemba PCOS n'kutha. Koma tsitsi la zaka 7 lija silindilola. Tikubwereza 8 koloko m'mawa, tsiku lachitatu la msambo, ndipo zikutuluka 450. Ndiye timamubaya ACTH wa 250 µg, homoni yolamula adirinali, n'kutenganso magazi pakatha mphindi 60. Zikufika 1,800, pomwe malire ake ndi 1,000.

Zotsatira izi zikusonyeza matenda obadwa nawo a adirinali, a mtundu wofatsa, amene papepala amalembedwa NCCAH. Enzayimu imodzi yopangira kotizo imagwira ntchito mopereŵera. Ubongo umakakamiza adirinali kuti agwire ntchito kwambiri, kotizo n'kukwanira ndithu, koma zopangira zimaunjikana ngati madzi pamzere wotsekeka n'kusefukira kunjira ya mahomoni achimuna. Mwa odwala ameneŵa DHEAS akhoza kukhala wabwinobwino, choncho DHEAS yekha sangatsutse matendaŵa. Ndipo ngati mayi akumwa mapiritsi olera, zotsatira zonse zimatsika monyenga; pamafunika miyezi itatu atasiya, akudziteteza ndi njira ina.

Mankhwala a tsitsilo ndi amodzimodzi, kaya ndi PCOS kaya NCCAH, bola ngati sakufuna pakati panopa. Ndimayamba ndi mapiritsi olera a mahomoni aŵiri, nditamuyeza BP ndi kumufunsa za mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuthwanima m'maso, za magazi kuundana m'mitsempha, ndi za fodya. Ndimamuuza poyera kuti asayembekezere kusintha miyezi 6 isanakwane, chifukwa tsitsi lomera kale liyenera kumaliza moyo wake, ndipo mankhwala amangochititsa kuti lotsatira likhale lopyapyala ndi lochedwa kukula. Ambiri amasiya mwezi wachiŵiri poganiza kuti sakugwira. Pakatha miyezi 6 osakhutira, ndimawonjezera sipironolakitoni, mankhwala otsekereza mahomoni achimuna, 50 mpaka 100 mg kaŵiri patsiku. Ameneyu sindipereka kwa mayi wopanda njira yodalirika yolera, chifukwa akhoza kusokoneza kapangidwe ka maliseche a mwana wamwamuna m'mimba. Amakwezanso potaziyamu, choncho wa vuto la impso samuyenera.

Podikira, amete. Lezala silikulitsa tsitsi, limangosiya nsonga yobuntha imene imamveka yolimba. Kuzula ndiko kumasiya zipsera zakuda pachibwano. Wofuna leza, njira yochotsa tsitsi ndi kuwala, afunse mtundu wa makina, chifukwa woyenera khungu lakuda ndi Nd:YAG, ina imawotcha.

Dzina la NCCAH lidzagwira ntchito tsiku limene adzafune mwana. Pamenepo timasiya mapiritsi ndi sipironolakitoni, ndipo ngati mazira sakutuluka bwino timapereka hayidirokotizoni wochepa, yemwe ndi kotizo wa m'mapiritsi, kuti adirinali apume. Ndimalangizanso kuti mwamuna wake adzayezedwe, chifukwa onse aŵiri akakhala ndi jini yolakwika, mwana akhoza kubadwa ndi mtundu woopsa, wotaya mchere m'thupi m'masabata oyamba. N'chifukwa chake zotsatira za 1,800 zija ndimazilemba m'buku lake la kuchipatala, pamodzi ndi tsiku ndi ola limene magazi anatengedwa.