Nthabwala yanga ya Lachiwiri

Sabata ino zambiri zayenda monga mwa masiku onse: masamu ogawa, kuchonga makope mpaka dzuwa kupendeka, choko kutha Lachinayi. Chimene chandisowetsa tulo ndi cha Lachiwiri.

Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima. Ana ndili nawo 112 ndekhandekha. Mnzanga anasamutsidwa temu yatha, ndipo tikafunsa za wolowa m'malo amangoti dikirani. Kalasi yotere nthawi ikamakwana 11 koloko, malata atatentha, theka limakhala likuwodzera. Ine chida changa ndi kuseleula. Pali mnyamata wina amene amachezera kunyanja ndi amalume ake. Ndinamuponyera funso: "Iwe bwana wa usipa, ndowa 84 asodzi 4, aliyense atenga zingati?" Anadzambatuka nati, "21, aphunzitsi, koma gawo la mwini bwato lili kuti?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, tulo tonse balala. Mwana wotere nthabwala amaibweza, mutu uli m'mwamba.

Ndiye mkamwa mutatsekemera ndinaloza kamtsikana kamene kamakhala kukhoma, kuti kagawe 96 ndi 4. Kanaimirira, milomo ikugwedera koma mawu osamveka. Ndinati, "Kodi mawu wawaiwala pamkeka?" Anzake anaseka, iko kanamwetulira, ine n'kuona ngati zili bwino. Kumwetulira kuja n'kumene kunandipusitsa. Maso anali pansi, zala zikupotokola m'mphepete mwa diresi, ndipo katakhala kanabisa kope pansi pa mwendo. Pa buleki ndinamva kunja akukuwiza, "Pamkeka! Pamkeka!" Dzina ndinali nditalipereka ndine.

Lachitatu sanabwere. Lachinayi chimodzimodzi. Madzulo ake ndinapita kwawo ndi mayi wina wa gulu la amayi a pasukulu. Tinapeza agogo ake akuyanika chinangwa pathandala. Anati, "Aphunzitsi, mwanayu akuti mutu, koma kumadzi akupita bwinobwino." Nditatsegula kope lake ndinapeza 24, njira yonse yolondola. Yankho anali nalo. Chinamumanga n'kulitchula m'Chingerezi pamaso pa anthu 111, poti chaka chathachi ku Sitandade 4 zonse ankaphunzira m'Chichewa. Zinandipweteka kwambiri. Ndikanakhala ndi ana 60 ndikanamudziwa kale mwanayu, koma pakamwa panali panga.

Ndinamupepesa pamaso pa agogo akewo. Lachisanu anabwera. Ndinauza kalasi kuti dzina lija lathera pomwepo, ndipo wolitchulanso akumana nane. Tisanayambe masamu ndinadutsa pamene amakhala, n'kumunong'oneza kuti funso lachitatu likhala lake, ayambe walembera m'kope. Nthawi itakwana sindinamuuze kuti alankhule, ndinangomupatsa choko. Analemba pabolodi 72 kugawa ndi 3, n'kupeza 24, dzanja likunjenjemera, n'kubwerera kukhoma kuja osayang'ana munthu.