Lero Ndawerenga Milungu Inayi ya Kugunda kwa Mtima Wanga

Madzulo ano ndinapatula nthawi yowerenga zimene wotchi yanga yapamkono yakhala ikusunga, ndipo ndinasankha kuyang'ana chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kugunda kwa mtima pamene thupi lili pa mpumulo. M'mawa uliwonse pulogalamu ya pafoni imandipatsa nambala imodzi yosonyeza kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi, koma nambala ya tsiku limodzi imanena zambiri za dzulo lake kusiyana ndi mmene thupi likuyendera. Choncho ndinakopera manambala a milungu inayi yapitayi, ndikuwaika mumzere umodzi wotsika, tsiku lililonse pamzere wake.

Mlungu woyamba unali motere: 62, 61, 63, 62, 68, 63, 61. Munthu akangoponya maso, nambala imene imamukoka ndi 68, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti tsiku limenelo mtima unali ndi vuto. Koma m'kabuku kanga ndinapeza kuti usiku wa dzulo lake ndinadya mochedwa kwambiri ndipo ndinagona maola ochepa, ndipo tsiku lotsatira 68 uja nambala inabwerera pa 63 popanda kuchitapo chilichonse. Umu ndi mmene thupi limachitira. Kudya chakudya chambiri nthawi yogona itayandikira, kumwa mowa, kuchepa kwa madzi m'thupi, chipinda chotentha, nkhawa ndiponso tulo tosakwanira, zonsezi zimatha kukweza kugunda kwa mtima kwa usiku umodzi kapena uwiri, kenako zinthu zimabwerera mwakale.

Mlungu wachinayi ndi umene wandichititsa kukhala pansi n'kulemba. Manambala ake ndi 65, 66, 65, 67, 66, 66, 67. Palibe tsiku ngakhale limodzi limene linafika pa 68, ndipo tsiku lililonse linkasiyana ndi linzake ndi manambala osapitirira awiri, moti poyang'ana m'mawa uliwonse panalibe chodabwitsa. Komabe ndikaphatikiza masiku onse asanu ndi awiri n'kugawa, avareji ya mlunguwo ndi 66, pamene mlungu woyamba inali pafupifupi 63, wachiwiri 62, ndipo wachitatu 64. Apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Kukwera kwa tsiku limodzi kunali kwakukulu koma kosakhalitsa, pamene kukwera kwa pang'onopang'ono kumeneku kwakhala kukupitirira kwa milungu iwiri ndipo sikunatsikeponso. Zili ngati madzi a mumtsinje, amene kukwera kwake sungakudziwe poyang'ana funde limodzi koma poona pamene afika pagombe.

Powerengetsa ndinagwiritsa ntchito njira ziwiri, manambala a mlungu umodzi ali m'timabokosi ta B2 mpaka B8 ta pulogalamu yowerengetsera ya spreadsheet:

```
=AVERAGE(B2:B8)
=MEDIAN(B2:B8)
```

Njira yachiwiriyo imasanja manambala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu n'kutenga imene ili pakatikati, ndipo ndimaikhulupirira kwambiri pa ntchito ngati imeneyi chifukwa tsiku limodzi lachilendo silingaikokere kumbali. Pa mlungu woyamba, 68 uja anakweza avareji kufika pafupi ndi 63, koma nambala yapakatikati inakhalabe 62. Ndiye kuti poyambira panga penipeni ndi 62, ndipo mlungu wathawu uli pamwamba pake ndi 4.

Ndisanakhulupirire kuti thupi lasinthadi, ndinayenera kufunsa kaye ngati sichipangizo chimene chasintha. Wotchi zamtunduwu sizimva mtima mwachindunji. Kunsi kwake kuli timagetsi tobiriwira timene timawalitsa pakhungu, ndipo popeza magazi amameza kuwala kobiriwira, kachipangizo kamaona kuti kuwala kobwerera kukuchepa ndi kuchuluka malinga ndi mmene magazi akudzazira timitsempha nthawi iliyonse mtima ukagunda. Lamba akakhala wokhwepa, kuwala kwa panja kumalowerera ndipo wotchi imagwedezeka pakhungu, motero manambala amasokonekera. Ikakhala pa fupa la mkono, kapena dzanja likazizira kwambiri, zomwezo zimachitikanso. Ndinayang'ananso ngati panali usiku umene wotchi inagona pa tchaja, chifukwa tsiku lotero pulogalamu imatha kutenga nambala ya masana pamene munthu wangokhala pansi, ndipo imeneyo nthawi zambiri imakhala yokwererapo kuposa ya m'tulo. Pa milungu inayi yonseyi wotchi inali yomweyo, pa mkono womwewo, ndipo palibe usiku umene unasowa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense amene wasintha wotchi posachedwa, pakuti makampani amawerengera mosiyana, ena pogwiritsa ntchito nthawi ya tulo, ena nthawi imene munthu ali maso koma sakuyenda, ndipo manambala a wotchi ziwiri sayenera kuikidwa pamzere umodzi ngati kuti ndi muyezo umodzi.

Kenako ndinakhala phee kwa mphindi zisanu, n'kuika zala ziwiri pa mtsempha wa pamkono kumunsi kwa chala chachikulu, ndikuwerenga kwa mphindi yathunthu. Ndinapeza 69 pamene wotchi inkaonetsa 70. Kusiyana kochepa chomwechi kwandikhutiritsa kuti chipangizo chikuwerenga bwino.

Chotsala chinali kufufuza chifukwa chake, ndipo apa kabuku kandithandiza kuposa pulogalamu. Kuyambira pakati pa mlungu wachitatu ndakhala ndikugona mochedwa chifukwa cha ntchito, ndipo pa nthawi yomweyo ndinawonjezera kuthamanga popanda kusiya tsiku lopuma. Masewera olimbitsa thupi amatsitsa kugunda kwa mtima m'kupita kwa milungu ndi miyezi, chifukwa mtima wolimba umapopa magazi ambiri ukagunda kamodzi, koma thupi likamagwira ntchito yolemetsa osapatsidwa mpata wobwezeretsa mphamvu, nambala imayamba yakwera. Sindinatenthe thupi ndipo ndilibe chimfine, ngakhale ndikudziwa kuti matenda akamayamba amatha kuonekera m'manambala amenewa munthu asanamve kudwala, komanso kuti kutentha thupi kumakweza kugunda kwa mtima ndi pafupifupi 10 pa digiri iliyonse. Sindinayambe kapena kusiya mankhwala alionse, chinthu chimene chikanasintha chithunzi chonse, popeza mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachepetsa liwiro la mtima. Kwa amayi palinso china choyenera kukumbukira, chifukwa kugunda kwa mtima kumakwera pang'ono m'masiku oyandikira msambo n'kutsikanso pambuyo pake, moti milungu iwiri yokha ingathe kuwanamiza, ndipo ndi bwino kuyerekezera mwezi ndi mwezi unzake.

Madokotala amanena kuti kwa munthu wamkulu amene ali pa mpumulo, kugunda kwa pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi n'kwabwinobwino, ndipo ochita masewera kwambiri amatha kukhala pansi pa 60. Nambala yanga ya 66 ili mkati mwenimweni mwa malire amenewo, choncho siikundiopsa, koma malirewo ndi otakasuka kwambiri moti sangandiuze kuti ineyo ndasuntha kuchoka pamene ndimakhala. Ndasankha kuchepetsa kuthamanga, kubwezeretsa nthawi yanga yogona, ndi kudzawerenganso pakatha milungu iwiri m'njira yomweyi. Manambala akapitiriza kukwera ngakhale ndapuma mokwanira, ndidzapita nawo kwa dokotala pamodzi ndi kabuku kanga. Koma ndikadzamva kuwawa pachifuwa, kubanika, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, kapenanso ukapitirira 100 ndili chikhalire, ndidzapita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti mlungu ukwane.