Nthunzi pa nsima isamaoneke ngati utsi wa moto wolusa

Abale amene mukupanga zithunzi za zakudya ndi AI zotsatsira malonda anu, chonde nthunzi ija muzichepetsako. Ndikumaona mbale ya nsima ndi chambo ikufuka ngati m'khitchini mwapsa, kasitomala amadziwiratu kuti ndi zabodza.

Nthunzi yeniyeni imakhala yopyapyala, imatuluka pa mtanda penipenipo osati kuseri kwa mbale, ndipo imaoneka bwino kuwala kukachokera kumbuyo kapena m'mbali, kumbuyoko kuli kodera. Ndiye mukamalemba zouza AI muzitchula kuwalako, apo ayi makinawo amangopaka choyera pamwamba. Ine ndimalemba chonchi:

```
thin wisps of steam rising from the food, backlit, dark background, matte surface
```

Mawu ngati "perfect" ndi "glossy" asiyeni, ndi amene amapangitsa nsima kunyezimira ngati pulasitiki.

Madontho a madzi nawonso, amakhala pa chinthu chozizira basi, botolo la thobwa lochoka mufiriji kapena tomato wongotsukidwa kumene, osati pa nsomba yotentha iyayi. Nenani kuti akhale osafanana kukula, ena atayenderera kutsika, chifukwa akafanana onse ngati mikanda chithunzi chaonongeka. Tomatoyo akhale ndi kachipsera pena, mmodzi wodula njere zikuoneka.