Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Denga la ku Zingwangwa

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe tinasamukira ku Zingwangwa, ine, mayi a kunyumba ndi kamwana kathu koyamba. Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, lendi yake K60,000 pamwezi. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, ife tinapulumuka, pomwe anzathu a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche anataya abale ndi nyumba zomwe. Choncho sindinkafuna kudandaula za kudontha kwa denga. Tinkangotchera mabeseni atatu n'kusuntha bedi.

Eni nyumba anali mayi wamasiye, wachikulire, amene ankadalira lendi ya nyumba zinayi za papulotipo. Chakumapeto kwa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, anandiitana pakhonde pawo.

"Mwananga, ndalama yoti ndiitanire mmisiri ndilibe. Ndinakuona ukukonza chitseko cha bafa. Bwanji ukonze wekha nyumbayo, ine ndizikudulira pa lendi?"

Ndinavomera msangamsanga, chifukwa bambo anga anali omanga nyumba ndipo ndinakulira kuwakandira matope. Koma nditawauza mayi a kunyumba usiku, funso lawo linali limodzi: "Mwalemberana?" Ndinati kupempha pepala kwa munthu wamkulu ngati uja n'kumuyesa wakuba. Iwo anati anthu okondana ndi amene amafunika kulemberana, kuti chikondicho chisathere pa ndalama.

M'mawa mwake tinazungulira nyumbayo ndi mayi eni nyumba aja, ine kope lili m'manja. Tinagwirizana ntchito zitatu zokha: kusintha malata awiri a kuchipinda, kumata pansi pa pabalaza pomwe simenti inakumbika, ndi kuika loko watsopano pachitseko chakumaso. Ndinapita ku Limbe kukafunsa mitengo ya malata, misomali, matumba awiri a simenti ndi loko, n'kuphatikizapo mchenga ndi thiransipoti. Zonse zinakwana K90,000. Tinalemba kuti ndigula ndine, ndizisunga malisiti, ndipo iwo azindidulira K15,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 6, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mayi a kunyumba anaonjezetsa mizere iwiri: lendi isakwere m'miyezi imeneyi, ndipo tikatuluka m'nyumbamo miyeziyo isanathe, ndalama yotsalayo atibwezere. Tinasaina tonse, mboni inali mnzathu wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo pepalalo ndinalijambula pafoni.

Ndinayambira kudenga. Pomwe madzi akugwera si pomwe akulowera, chifukwa amayamba ayenda motsatira thabwa kenako n'kudontha patsogolo. Bambo anandiphunzitsa kutseka chitseko ndi mawindo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuyang'ana kumwamba: paliponse pomwe pakuoneka kadontho ka kuwala, pamenepo pali bowo. Ndinapeza timabowo tambiri, ndipo chifukwa chake ndinachiona nditakwera. Amene anakhoma denga lija anakhomera misomali ina m'ngalande za lata, momwe mumayenda madzi, m'malo mokhomera pamsana. Dzimbiri linadya mozungulira msomali uliwonse wotero.

Nditazula malata awiriwo ndi pamene mtima unandigwa. Thabwa lomwe ankagonapo linkaoneka labwinobwino kunja, koma nditaligogoda ndi hamala linalira ngati ng'oma. Msomali ndinaulowetsa ndi chala chokha. Chiswe chinali chitadya mkati monse, n'kusiya khungu. Lata latsopano ukalikhomera pathabwa lotero, mphepo yoyamba ikalisiya kwa aneba.

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero ndimavomereza. Denga linali pululu, kumwamba kukuda, mayi eni nyumba atapita kumaliro kumudzi. Sindinawaimbire. Ndinathamanga kukagula matabwa awiri a K10,000, n'kuitana kalipentala woti andithandize kuwalumikiza, amene anandilipiritsa K15,000. Pofika madzulo denga linali litatsekedwa, malata atapitirirana mzere umodzi ndi theka m'mbali, misomali yonse ili pamsana. Usiku womwewo mvula inagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tinagona osadzukira mabeseni. Thabwa lodyedwa lija ndinaliimika kuseri kwa nyumba, mwamwayi sitinalisonkhezere moto.

Simenti ndi loko ndinali ndisanagule, ndinkadikira malipiro. Kudikirako kunandipweteka. Kumayambiriro kwa Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo m'mashopu inasintha sabata yomweyo. Nditabwerera ku Limbe, zinthu zomwe zija ndinazigula moonjezera K12,000.

Pansi sipanandivute. Ndinagogoda ponse n'kugumula paliponse polira ngati pali mphako, mpaka kufika polimba. Ndinasesa, kunyowetsa, kupaka phala la simenti yokhayokha, kenako kumata ndi ndowa imodzi ya simenti ku ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje. Kwa masiku 7 ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, mwana tikumutsekera kuchipinda. Ambiri amalephera pamenepa: simenti ikauma mothamanga imang'aluka, mwini nyumba n'kumati munaba simenti.

Nditawerengera, ndinali nditawononga K127,000, pomwe papepala panali K90,000. Ndinatenga malisiti, kope ndi thabwa lija kupita nazo pakhonde.

Mayiwo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Za matabwa ndi kalipentala tinakambirana liti?"

"Sitinakambirane, Mayi. Ndinaopa mvula."

"Foni yanga inali yozima?"

Ndinasowa choyankha. Ndinangowapatsira thabwalo. Analifinya ndi dzanja, n'kuphwanyika ngati chigumu chouma. Anaitana mboni ija, ndipo tinayamba kuona ndalamazo imodziimodzi. Za matabwa anavomera, poti denga ndi lawo ndipo chiswe sichinabwere ndi ine. Za kukwera kwa mitengo anavomeranso, chifukwa madeti a pamalisiti ankadzichitira okha umboni. Koma K15,000 ya kalipentala anaikana. Anati pangano linali lakuti manja akhale anga, ndipo akanadziwa kuti pafunika mmisiri akanaitana mphwawo wodziwa ntchitoyo, amene sakanawalipiritsa ndalama yonseyo.

Tsiku limenelo zinandiwawa kwambiri, chifukwa K15,000 inali ndiwo za masiku ambiri. Koma nditagona ndinaona kuti mayiwo sanandibere. Ndinagwiritsa ntchito ndalama yawo osawafunsa, pomwe kuwaimbira kukanangonditengera mphindi ziwiri. Chomwe pepala lathu linasowa ndi mzere umodzi wonena kuti pakapezeka vuto lina lobisika, ntchito iime kaye mpaka tikambirane. Ndikanagulanso zipangizo zonse tsiku limodzi, ngakhale mochita kukongola, za kukwera mitengo sizikanatikhudza.

Tinalemba pansi pa pepala lomwe lija kuti K22,000 yoonjezerayo adzadula K15,000 mu Meyi ndi K7,000 mu Juni. Mwezi uliwonse ndikapereka K45,000, iwo ankalemba m'kope ndalama yomwe yatsala, tonse n'kusaina.

Mu Januwale anakweza lendi ya nyumba zitatu zinazo, poti nawonso zinthu zinali zitawathina. Atafika pakhomo pathu anaima, n'kuseka pang'ono. "Inu ndiye munandimanga ndi pepala lanu lija. Tionana ikatha miyezi yanu." Mayi a kunyumba anawayalira mkeka pabalaza, pansi posalala paja, n'kuwathirira tiyi.

Lendi yathu inadzakwera mu Julaye, kufika K75,000. Mwezi womwewo ndi umene kuntchito anatiuza kuti shopu ikutsekedwa, ndipo nkhani imeneyo ndidzaifotokoza m'gawo 15.